Makosi 20, makirediti 120: zimene zimachitika wophunzira akasintha yunivesite

Mabanja ambiri a Amalawi amene akhazikika kuno ku Johannesburg amafika pa nthawi yoitanitsa mwana amene anatsala kumudzi, ndipo nthawi zina mwanayo amakhala atayamba kale maphunziro a digiri ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Makolo amawerengera mwachidule kuti mwana waphunzira zaka ziwiri, digiri ya kuno ndi ya zaka zitatu, ndiye kuti kwatsala chaka chimodzi chokha. Kalata yochokera ku yunivesite yatsopano ikafika, imanena zina: makosi ena alandiridwa, ena aphatikizidwa awiri kukhala imodzi, ndipo ena akanidwa ngakhale kuti mwanayo anawakhoza bwino lomwe. Ndagwira ntchito kwa nthawi yaitali mu ofesi imene imalandira mapepala a ophunzira otere, ndipo ndaona kuti mtima wa makolo umapweteka kwambiri chifukwa palibe amene anawafotokozera funso limene yunivesite imadzifunsa ikamaona mapepalawo. Yunivesite sifunsa ngati mwanayo anaphunzira ndi kukhoza, pakuti zimenezo zalembedwa kale pa thiransikiripiti. Imafunsa ngati kosi imene anaphunzira kwinako ingalowe m'malo mwa mojulu yakutiyakuti, kutanthauza kosi ya kuno, imene ili mu digiri yakeyo, ndipo imafunsa funso limeneli pa mojulu iliyonse payokhapayokha.

Chifukwa chake n'chakuti satifiketi imene wophunzirayo adzalandire pamapeto idzakhala ndi dzina ndi chidindo cha yunivesite yatsopanoyo. Ikamapereka digiri, yunivesite imakhala ikuchitira umboni kuti munthuyu akudziwa zonse zimene digiriyo imalonjeza, ndipo ikavomera kosi ya kwina imakhala ikuchitira umboni ntchito imene aphunzitsi ake sanaione ndi mayeso amene sanawakonze. Zili ngati munthu amene wagumula nyumba yake yakale n'kutenga zitseko kupita nazo ku nyumba yatsopano: zitsekozo n'zolimba, matabwa ake ndi abwino, koma mmisiri adzakhoma zokhazo zimene zikukwana pa mafelemu amene alipo, ndipo zotsalazo sizikhala zoipa ayi, kungoti zilibe polowa.

Kuti timvetse mmene amayezera kukwanako, tiyenera kudziwa chimene kirediti ili m'dziko lino. Ku South Africa kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito yonse ya wophunzira, kuphatikizapo kukhala m'kalasi, kuwerenga payekha, kulemba ntchito zopatsidwa, kukonzekera mayeso ndi kulemba mayesowo. Chaka chimodzi cha wophunzira amene sakugwira ntchito ina chimawerengedwa kuti ndi makirediti 120, kutanthauza maola 1,200, ndipo digiri yoyamba ya zaka zitatu imafuna makirediti osachepera 360. Makireditiwo amagawidwa m'mamojulu, ndipo kukula kwa mojulu kumasiyana: ku Unisa mamojulu ambiri a digiri yoyamba ndi a makirediti 12, pamene mayunivesite ena ali ndi mamojulu a makirediti 16 kapena 18. Kuwonjezera pa kuchuluka kwake, kirediti iliyonse ili ndi mlingo wake pa ndondomeko ya dziko lino yosanja maphunziro yotchedwa NQF, imene ili ndi milingo 10 kuchokera pamene lamulo la mu 2008 linakhazikitsidwa. Matiriki ili pa mlingo 4, dipuloma imathera pa mlingo 6, digiri ya zaka zitatu imathera pa mlingo 7, ndipo mamojulu a chaka choyamba cha yunivesite kawirikawiri amakhala pa mlingo 5. Mwa makirediti 360 aja, osachepera 120 ayenera kukhala a mlingo 7. Choncho kosi imayezedwa patatu: zimene zinaphunzitsidwa, kuchuluka kwa ntchito yake, ndi kuya kwake. Ikapelewera pa chimodzi mwa zitatuzi, ikhoza kukanidwa ngakhale ziwiri zinazo zili bwino.

Vuto loyamba kwa ife ochokera kunja limayambira pomwepa. Mathiransikiripiti ena ochokera kwathu amalemba nambala 3 pambali pa kosi, kutanthauza maola atatu a m'kalasi pa sabata, ndipo nambala imeneyi siyikunena chinthu chofanana ndi 12 wa kuno. Maola atatu pa sabata kwa masabata 14 ndi maola 42 a m'kalasi, ndipo munthu amene akuyeza ayenera kudziwa maola amene wophunzira ankayembekezeka kugwira ntchito kunja kwa kalasi kuti aone ngati onse pamodzi akufika pa 120. Ngati yunivesite yakaleyo sinalembe zimenezi pena paliponse, woyezayo amangoyerekeza, ndipo munthu amene akuyerekeza pa nkhani imene adzasayinire dzina lake nthawi zambiri amasankha kusamala.

Anthu ambiri amaganiza kuti nkhani yonseyi imathera ku SAQA, bungwe la boma la kuno loona za masatifiketi a maphunziro, ndipo ndakumanapo ndi makolo amene analipira ndi kudikira satifiketi ya bungweli akukhulupirira kuti ikangobwera makosi onse alowa. SAQA imayeza maphunziro akunja amene munthu anamaliza, n'kunena mlingo umene akufanana nawo pa NQF. Imatha kunena kuti dipuloma yakutiyakuti ili pa mlingo 6, koma siuza yunivesite kuti ichotsere wophunzira mojulu ya akawunti, ndipo kwa munthu amene wasiyira digiri panjira, zaka ziwiri zimene waphunzirazo sizinakhalebe satifiketi yoti iyezedwe motero. Palinso bungwe la Matriculation Board, limene lili pansi pa Universities South Africa, lomwe limaona ngati mapepala a kusekondale akunja akukwana kuti munthu ayambe digiri. Apa m'pamene MSCE yathu imakumana ndi chopinga, chifukwa kawirikawiri imaikidwa pa mlingo wa O Level, choncho maphunziro amene mwana anachita ku yunivesite ya kwathu nthawi zina ndiwo amamuthandiza kuti aloledwe n'komwe. Kuloledwa kulowa ndi nkhani ina, kuchotseredwa mamojulu ndi nkhani inanso, ndipo yachiwiriyi imagamulidwa ndi yunivesite yokha. Lamulo la maphunziro apamwamba la mu 1997 limapatsa yunivesite iliyonse mphamvu yokonza malamulo ake olandirira ophunzira. Pangano la SADC la zamaphunziro, lomwe linasayinidwa m'chaka chomwecho, limalimbikitsa mayiko kuti apeze njira zosamutsira makirediti, koma silikakamiza mphunzitsi aliyense kuvomera kosi imene iye waona kuti sikukwana.

M'kati mwa yunivesite, pepala limayenda motere. Wophunzira amayamba wapempha malo monga wina aliyense, akutumiza thiransikiripiti yokhala ndi chidindo pamodzi ndi kalata yotsimikiza kuti kumene akuchokerako sanachotsedwe chifukwa cha khalidwe. Akapatsidwa malo, amadzaza fomu ina yopempha kuchotseredwa, ndipo pa fomu imeneyi amalemba mbali imodzi kosi imene anakhoza, mbali inayo nambala ya mojulu imene akufuna kuti asaphunzirenso. Ofesi imaona ngati mapepala ali okwanira, kenako imatumiza pempho lililonse ku dipatimenti imene imaphunzitsa mojuluyo. Kumeneko mphunzitsi wa mojuluyo kapena mkulu wa dipatimenti amaika masilabasi awiri patebulo n'kumayerekeza mutu ndi mutu. Mayunivesite ena analemba kuti kufanana kuyenera kufika pafupifupi magawo 80 pa 100, ena amasiya kuti mphunzitsiyo aone yekha. Zimene iye walemba zimapita ku komiti kapena kwa mkulu wa gawo lonse la maphunzirowo kuti asayinire. Munthu amene amagamula kwenikweni, choncho, ndi mphunzitsi mmodzi wotanganidwa, amene sanafikepo ku Malawi mwina, ndipo zonse zimene akudziwa za kosi ya mwana wanu ndi zimene zili pa pepala limene mwamupatsa.

Ndifotokoze nkhani ya mwana wa mlongo wanga, chifukwa ndinaitsatira kuyambira pachiyambi, ngakhale kuti yunivesite imene ankapempha malo si imene ine ndimagwirako ntchito. Anaphunzira zamalonda kwa zaka ziwiri pa yunivesite ina yovomerezeka ku Blantyre, makosi asanu pa semesita, onse pamodzi 20, ndipo sanalepherepo kosi. Makolo ake atamuitanitsa kuti adzakhale nawo ku Rosettenville, anapempha malo pa digiri ya zamalonda ya makirediti 360, yogawidwa m'mamojulu 30 a makirediti 12 iliyonse. Yankho litabwera, anandibweretsera madzulo a Lamlungu titachoka kutchalitchi, litapindidwa kanayi m'kati mwa buku la nyimbo, ndipo mayi ake anali atalemba kale mitanda ndi bolopeni pambali pa mzere uliwonse wokanidwa. Iye anangoti, "Amalume, makosi 8 awakana, koma onsewa ndinakhoza. Kodi akuganiza kuti mapepala angawa ndi abodza?" Ndinamuyankha kuti akanakayikira mapepalawo sakanavomera ngakhale kosi imodzi, ndipo tinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere.

Makosi 8 analowa mosavuta, kosi imodzi pa mojulu imodzi. Ena mwa iwo anali a ikonomikisi ndi a akawunti, ndipo chifukwa chake n'chosabisika: mfundo zoyambirira za ikonomikisi zimaphunzitsidwa mofanana pafupifupi kulikonse, ndipo Malawi ndi South Africa onse amatsata malamulo a IFRS polemba mabuku a makampani, choncho mitu ya m'masilabasi awiriwo inkagwirizana. Makosi ena anayi analandiridwa, koma anabala mamojulu awiri okha. Kwawoko kasamalidwe ka bizinesi kanagawidwa m'masemesita awiri, gawo loyamba ndi lachiwiri, pamene kuno mitu yonseyo ili mu mojulu imodzi, ndipo zinali chimodzimodzi ndi maphunziro a kutsatsa malonda. Wophunzira amaona ngati wabedwa, pakuti anakhala m'kalasi miyezi yowirikiza kawiri, koma yunivesite imapereka makirediti a mojulu yake, osati a kosi yakaleyo. Ngati malo amene alipo ndi a makirediti 12, munthu amalandira 12 ngakhale atabwera ndi ntchito yoposa pamenepo. Motero makosi 12 anasanduka mamojulu 10, omwe ndi makirediti 120.

Pa makosi 8 okanidwa aja, anayi anali a chaka choyamba. Awiri anali a luso la chilankhulo ndi kulemba, imodzi inali ya masamu oyambirira, ndipo ina inali ya chikhalidwe ndi chitukuko. Makosi a chilankhulo ndi a chitukuko analibe mojulu yofanana nawo mu digiri yatsopanoyo, ndipo digiriyo inalibe malo a mamojulu osankha mwaufulu pa chaka choyamba. Kosi ya masamu inagwa pa kuya: woyeza analemba kuti mitu yake yambiri ndi imene ophunzira a kuno amaimaliza ku matiriki, ndiye kuti inali pafupi ndi mlingo 4 kusiyana ndi mlingo 5. Apa mpofunika kukumbukira kuti digiri ya kwathu ndi ya zaka zinayi pambuyo pa MSCE, ndipo mbali ina ya chaka choyamba imagwira ntchito yokweza wophunzira kuchoka pa Fomu 4 kufika poti angathe maphunziro a pa yunivesite. Ntchito imeneyi ndi yeniyeni ndiponso yofunika, koma digiri ya zaka zitatu inakonzedwa poganiza kuti inachitika kale kusekondale.

Makosi awiri otsatira ndi amene anamupweteka kwambiri mtsikanayu, chifukwa ndi amene anakhoza bwino koposa: malamulo a zamalonda ndi misonkho. Mayina ake ankafanana ndendende ndi mamojulu a kuno, koma ndinamuuza mosabisa kuti pa awiriwa yunivesite inagamula molondola. Malamulo a Malawi anachokera ku malamulo a ku England, pamene malamulo a mapangano a ku South Africa ali ndi mizu ya Chiroma ndi Chidatchi. Iye anaphunzira lamulo la makampani la Malawi la mu 2013, pamene kuno amaphunzitsa lamulo la makampani la mu 2008. Anaphunzira kuwerengera msonkho motsata zofuna za MRA, pamene bwana amene adzamulembe ntchito ku Sandton kapena ku Germiston adzayembekeza kuti akudziwa zofuna za SARS. Yunivesite ikanamuchotsera mamojulu amenewa, ikanamupatsa satifiketi yonena kuti akudziwa zinthu zimene sanaphunzirepo, ndipo wovutika pambuyo pake akanakhala iye mwini. Pa madigiri amene amatsogolera ku ntchito zokhala ndi mabungwe oziyang'anira, monga SAICA ya akatswiri a akawunti, ECSA ya mainjiniya ndi HPCSA ya azaumoyo, yunivesite imasamala kuposa apa, chifukwa mabungwewa amayendera maphunzirowo ndipo angathe kuwachotsera chivomerezo.

Kosi yachisanu ndi chiwiri inali ya sitatisitikisi, imene anapeza malikisi 46. Kumene anachokerako malikisi amenewa ankawerengedwa kuti wakhoza, koma kuno munthu amakhoza mojulu akafika pa 50, ndipo dipatimentiyo sinavomere kuti wobwera alowe ndi malikisi amene wophunzira wawo akanabwereza nawo. Zoterezi zimachitikanso pakati pa mayunivesite a muno momwe, makamaka pa mojulu imene komiti ya mayeso inangomukhululukira wophunzira kuti apitirire ngakhale anapelewera pang'ono. Kukhululukidwa kumeneko kumagwira ntchito pa yunivesite imene inakhululukayo, ndipo kawirikawiri sikusamuka naye.

Kosi yomaliza, ya khalidwe la anthu pa ntchito, ndiyo yokha imene inakanidwa pa chifukwa chimene chikanapeweka. Thiransikiripiti inkasonyeza dzina la kosi ndi malikisi abwino, koma silabasi imene inatumizidwa inali ya chaka chatsopano, yokhala ndi nambala ya kosi yosiyana ndi imene inali pa thiransikiripiti, pakuti dipatimenti ya kwawoko inali itasintha maphunziro ake. Woyeza sakanatha kudziwa ngati silabasi imene ali nayo ndi imene mtsikanayu anaphunzira. Ndikufuna kuti owerenga aimve bwino mfundo imeneyi, chifukwa ndi pamene anthu athu amataya makirediti ambiri popanda chifukwa chenicheni. Thiransikiripiti imanena kuti munakhoza, koma sinena zimene munaphunzira. Chimene chimanena zimenezo ndi silabasi ya chaka chomwecho chimene munaphunzira kosiyo, yosonyeza mitu ya sabata ndi sabata, mabuku amene munkagwiritsa ntchito, maola a m'kalasi, ndi mmene malikisi ankagawidwira pakati pa ntchito za m'kati mwa semesita ndi mayeso omaliza, ndipo ikhale ndi chidindo cha dipatimenti. Pepala la mayeso akale ndi umboni wamphamvu kuposa silabasi, chifukwa mphunzitsi akangowerenga mafunso atatu amadziwa kuya kwa kosi. Amene anaphunzira ku Polytechnic, ku Chancellor College kapena ku makoleji a zaumoyo University of Malawi isanagawidwe mu 2021 kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, ndi bwino kuti aphatikizepo kalata yofotokoza kusintha kwa dzinalo, kuti woyeza asadabwe poona mayina awiri osiyana pa mapepala a munthu mmodzi.

Titamaliza kuwerenga, ndinamupempha kuti awerengere zimene zatsala. Mamojulu 30 kuchotsapo 10 kutsala 20, omwe ndi makirediti 240, ndiye kuti zaka ziwiri. Kenako ndinamufunsa kuti akanakhala ku Blantyre zikanamutsalira zaka zingati, ndipo anayankha yekha kuti ziwiri. Pa pepala zinkaoneka ngati wataya theka la ntchito yake, koma malinga ndi mmene tinawerengera madzulo amenewo, tsiku lomaliza digiri silinasunthe kwenikweni, chifukwa anachoka pa digiri ya zaka zinayi kupita pa ya zaka zitatu. Chimene chinasokonekera ndi chiyembekezo cha banja, chimene chinamangidwa pa kuchotsera ziwiri pa zitatu. Sindikunena kuti nthawi zonse zimatha bwino chonchi. Amene amasamuka atamaliza chaka chachitatu amataya zambiri, ndipo chifukwa chake ndi lamulo lina limene silikhudzana ndi ubwino wa kosi iliyonse.

Lamulo limeneli ndi la theka. Mayunivesite a kuno amafuna kuti wophunzira apeze makirediti osachepera theka la makirediti a digiri pa yunivesite imene idzamupatse satifiketi, ndipo ambiri amafunanso kuti mamojulu a chaka chomaliza a phunziro lake lalikulu aphunziridwe pomwepo. Pa digiri ya makirediti 360, ndiye kuti munthu sangayembekeze kuchotseredwa oposa 180, ngakhale atabwera ndi makosi 30 ogwirizana bwino. Ndondomeko ya maphunziro apamwamba ya HEQSF ilinso ndi malire ena a theka okhudza munthu amene anamaliza kale satifiketi ina: makirediti a maphunziro omalizidwa amene angagwiritsidwenso ntchito pa maphunziro atsopano saposa theka, kuti munthu asalandire masatifiketi awiri pa ntchito imodzi. Zimenezi zikutanthauza kuti nthawi yosamukira ndi yofunika kwambiri. Wosamuka pambuyo pa chaka choyamba kapena chachiwiri amataya zochepa, koma amene watsala ndi chaka chimodzi kuti amalize, ine ndimamulangiza kuti apirire amalizire komweko, kenako abwere ndi digiri yathunthu imene SAQA ingayeze, n'kupempha malo pa maphunziro a pamwamba pake. Ndi uphungu wovuta kupereka kwa mayi amene wakhala zaka zambiri osaona mwana wake, koma kusamutsa mwana pa nthawi imeneyo kungamuwonjezere chaka chathunthu kapena kuposerapo, pamodzi ndi fizi yake.

Pali zifukwa zina ziwiri zimene zimagwetsa makosi onse nthawi imodzi, ndipo ndizitchula mwachidule. Choyamba ndi msinkhu wa maphunzirowo. Madipatimenti ambiri amaika malire a zaka, makamaka pa zamakompyuta, misonkho ndi malamulo, kumene zinthu zimasintha msanga, choncho munthu amene anasiya sukulu kalekale n'kubwera kudzagwira ntchito m'minda ya maluwa kapena m'makhitchini a kuno angapeze kuti makosi ake atha ntchito. Chachiwiri ndi chivomerezo cha sukulu imene anachokerako. Kwathu bungwe la NCHE ndilo limavomereza mayunivesite ndi maphunziro awo, ndipo mpofunika kudziwa kuti yunivesite ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene digiri inayake ya pa yunivesite yomweyo sinavomerezedwe. Kuno koleji imene si yaboma iyenera kulembetsedwa ku dipatimenti ya boma ya DHET, maphunziro ake a digiri ndi dipuloma ayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la CHE loona za maphunziro apamwamba, ndiponso ayenera kupezeka m'kaundula wa SAQA ndi nambala yake. M'katikati mwa tauni ya Johannesburg muli makoleji ambiri a m'nyumba zosanjikizana, ena abwino, ena ongodya ndalama za anthu, ndipo achinyamata athu amene angofika kumene ndi amene amakodwa mosavuta. Makosi aafupi a miyezi itatu, ngakhale ataphunzitsidwa ndi yunivesite yodziwika, nthawi zambiri sakhala ndi makirediti, ndipo sangasamutsidwe.

Kumene ine ndimaona kuti ophunzira amalakwiridwa si pa kukana kwenikweniko, koma pa nthawi imene yankho limabwera ndi pa kufupika kwa zifukwa. M'malo ambiri pempho lochotseredwa limayamba kuonedwa munthu atapatsidwa kale malo, mwinanso atalembetsa ndi kulipira gawo loyamba la fizi. Pa nthawi imeneyo amakhala atachoka kale ku yunivesite yakale, ndipo ngati ndi wochokera kunja amakhala atatenga viza ya maphunziro imene imatchula dzina la sukulu yatsopanoyo, choncho kubwerera m'mbuyo kumakhala kovuta ndiponso kodula. Banja limapanga chisankho chachikulu lisanadziwe mtengo wake. Komanso mzere umodzi wonena kuti zophunzitsidwa sizikufanana sukwanira. Wophunzira ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti ndi mitu iti imene ikusowa, ndipo SAQA mu 2014 ndi CHE mu 2016 anatulutsa ndondomeko zolimbikitsa kuti kusamutsa makirediti kuzichitika moonekera ndi mwachilungamo. Ndaonapo kosi ikukanidwa chabe chifukwa buku limene linagwiritsidwa ntchito silikudziwika kwa woyeza, kapena chifukwa dzina la yunivesite ya ku Malawi silinamvekepo m'makutu mwake, ndipo zimenezo si kuteteza digiri koma kulephera kuwerenga mapepala mofatsa. Pempho lofuna kuti chigamulo chionedwenso limaloledwa, koma limagwira ntchito likabwera ndi umboni watsopano. Kalata yodandaula kuti munavutika ndi kulipira ndalama zambiri siisintha kanthu, pamene tebulo laling'ono loika mitu ya kosi yakale kumanzere ndi mitu ya mojulu yatsopano kumanja, lokhala ndi pepala la mayeso kumbuyo kwake, limakakamiza woyeza kuyankha mutu ndi mutu.

Umu ndi mmene tinachitira ndi kosi ya khalidwe la anthu pa ntchito. Mnzake wa m'kalasi amene anatsala ku Blantyre anapeza silabasi ya chaka chenichenicho m'mafayilo ake, anapita nayo ku dipatimenti kuti akaidinde, ndipo inabwera pa basi pamodzi ndi katundu wa munthu wina wa kumpingo. Itaperekedwa pamodzi ndi pepala la mayeso, mojulu inachotsedwa, makirediti anakwera kufika pa 132, ndipo mamojulu otsala anakhala 19. Chinthu china chimene banja liyenera kuonetsetsa mwana asanakwere basi ndi ngongole ya fizi, chifukwa yunivesite yakale siitulutsa thiransikiripiti yokhala ndi chidindo ngati pali ndalama yotsala, ndipo popanda thiransikiripitiyo palibe pempho limene lingayambe.

Kosi ya sitatisitikisi ndiyo inabweretsa kuchedwa kumene sitinakuone pa tsiku loyamba lija. Mojulu ya sitatisitikisi ya chaka choyamba inali yofunika kuikhoza kaye munthu asanalembetse mojulu ina ya chaka chachiwiri ya zachuma, ndipo ya chaka chachiwiriyo inali khomo la mamojulu awiri a chaka chomaliza. Popeza iliyonse mwa izi inkaphunzitsidwa pa semesita yake yokha kamodzi pa chaka, mamojulu 19 amene akanakwana m'masemesita anayi anafuna masemesita asanu. Choncho wophunzira akalandira kalata ya zimene zavomerezedwa, asangowerenga kuchuluka kwa makirediti. Atenge buku la malamulo la gawo lake la maphunziro, apeze mojulu iliyonse imene wakanidwa, aone mamojulu amene amadalira imeneyo, ndiponso semesita imene iliyonse imaphunzitsidwa. Akapeza mojulu yokanidwa imene ena akuidalira, imeneyo ndiyo ayenera kulembetsa pa semesita yake yoyamba, ngakhale zitatanthauza kusiya kaye mojulu ya chaka chachiwiri imene akanakonda kuyamba nayo.